Mafunso ndi mayankho: ndondomeko ya pamlungu yoti mayi wapantchito azipeza mpumulo

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amayi anzanga amandifunsa kawirikawiri, ena kuntchito pa nthawi ya nkhomaliro, ena ku banki m'khonde, ena tikamayenda kuchokera ku mapemphero. Ine ndine mayi wa ana atatu, wa zaka 11, wa zaka 7 ndi wa zaka zitatu. Ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi m'tauni kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Zitsanzo zambiri ndazitenga pakhomo panga, choncho maola ndi masiku muwasinthe kuti agwirizane ndi pakhomo panu.

Kodi ndondomeko imeneyi ikusiyana bwanji ndi kungolemba ntchito zoti ndigwire?

Kusiyana kwake kuli pa chimene mwayamba kulemba. Ambirife tikatenga pepala timayamba ndi kuchapa, kusita, kumsika, kuchigayo, kenako timati tipuma zikatha zimenezi. Vuto n'lakuti ntchito ya pakhomo siitha. Mukatsuka mbale za madzulo, mumaona kuti yunifolomu ya mwana yathothoka batani. Mukasoka batani, mumakumbukira kuti nyemba simunasankhe. Mpumulo woyembekezera kuti ntchito ithe sufika.

Ndondomeko ndikunenayi imayamba ndi mpumulo. Mumalemba kaye nthawi yogona ya tsiku lililonse ndi chigawo chimodzi chachikulu chopuma pamlungu, ngati mmene mumalembera nthawi yofika kuntchito, imene simuisuntha chifukwa cha mbale. Ntchito zonse zimalowa m'mipata yotsalayo. Imene yasowa malo imapita kwa munthu wina, kapena imachepetsedwa, kapena imasiyidwa.

Ndiyenera kugona maola angati, ndipo nthawi yogona ndiipeze bwanji?

Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7 usiku uliwonse, ndipo ambiri amakhala bwino akagona pakati pa maola 7 ndi 9. Nthawi yogona simuisankha mwachisawawa, mumaiwerengera chobwerera kuchokera pa nthawi yodzuka, chifukwa yodzukayo ndi imene simungaisinthe. Ine ndimadzuka 5 koloko kuti ndituluke pakhomo 6:45. Kuti ndipeze maola 7 ndi theka, nyali ya kuchipinda iyenera kuzima 9:30 usiku. Ngati inu mumadzuka 4:30, yanu ndi 9 koloko.

Pali ola lina lofunika kuposa limeneli, limene ine ndimalitcha ola lotseka khitchini. Munthu sachoka pa sinki n'kugwera m'tulo nthawi yomweyo. Pamafunika kusamba, kupemphera, kucheza pang'ono ndi bambo, thupi lizizire. Choncho khitchini yanga imatsekedwa 8:30. Chimene sichinachitike pofika nthawi imeneyo chimagona mpaka mawa, ngakhale utakhala mphika wa nsima. Ndimangouthira madzi kuti mikute ifewe.

Ndiyambire pati?

Mlungu woyamba musasinthe kanthu. Tengani kope lakale la mwana, ndipo madzulo alionse lembani zinthu zitatu: nthawi imene munadzuka, nthawi imene munagona, ndi ntchito yomaliza imene munagwira musanagone. Pakutha kwa masiku 7 muona nokha chimene chikukuberani tulo.

Nditachita zimenezi ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti chondichedwetsa n'kuphika, koma kope linaonetsa kuti masiku anayi mwa asanu ntchito yanga yomaliza inali kusita. Ndinkasita yunifolomu za mawa, malaya a bambo ndi diresi langa usiku uliwonse, ndipo magetsi akazima madzulo ndinkadikira kuti ayake, nthawi zina mpaka 11 koloko. Ndinkagona maola asanu kapena asanu ndi theka. Tsiku lina pobwera kuntchito ndinagona mu minibasi, mutu utatsamira pa windo, thumba la tomato lili pamiyendo, ndipo anandidzutsa ndi kondakitala titapitirira siteji yanga kalekale. Ndinabwerera wapansi kuli mdima, ana akudikira chakudya. Sabata imeneyo ndi imene ndinagula kope.

Mlungu wachiwiri sinthani chinthu chimodzi chokha, chimene kope lakuonetsanicho. Amayi ambiri amene ndawaona akulephera ndi amene anafuna kusintha zonse Lolemba limodzi.

Mlungu wathunthu umaoneka bwanji?

Ndiyambe ndi masamu ochepa. Pa tsiku la ntchito ndimakhala pakhomo ndili maso kuyambira 5 koloko mpaka 6:45 m'mawa, kenako kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 9:30. Onse pamodzi ndi maola asanu ndi mphindi 15. M'maola amenewa muyenera kulowa kusamba kwanga ndi kwa ana, chakudya cha m'mawa, cha madzulo, homuweki ndi ola lopuma ndisanagone. Mukawerenga chonchi mumaona kuti ntchito yaikulu ingalowe imodzi yokha patsiku, ndipo masiku ena siingalowe n'komwe.

M'mawa uliwonse ndi wofanana. Ndikadzuka ndimateleka madzi osamba ndi phala nthawi imodzi. Sindisesa, sindikolopa, sindichapa. Zovala ndi zikwama zimakhala zitakonzedwa dzulo lake. Mwana wamkulu amathandiza wapakati kuvala, bambo amasambitsa wamng'ono.

Lolemba madzulo sindigwira ntchito yaikulu. Timadya nyemba zophikidwa Loweruka, ine ndimangophika nsima ndi kufwafwaza masamba. Lolemba ndi tsiku limene kuntchito kumakhala zambiri, choncho pakhomo ndimalisiya lopepuka.

Lachiwiri ndi tsiku lokolopa m'nyumba ndi kutsuka bafa. Lachitatu ndi la kuchapa kwakung'ono: yunifolomu, masokosi ndi zovala zamkati basi, zimene zimatha pa mphindi 30 chifukwa zimakhala zitanyikidwa m'madzi a sopo kuyambira m'mawa. Lachinayi ndi madzulo anga opuma a pakati pa mlungu. Bambo ndi mwana wamkulu amaphika, ine ndikafika ndimasamba n'kukhala pansi. Ndinasankha Lachinayi chifukwa ndi tsiku limene kutopa kwa mlungu kumandifika m'mafupa. Lachisanu ndimadzera kumsika pochokera kuntchito, n'kugula zonse za mlungu wotsatira zimene sizionongeka msanga: anyezi, nyemba, usipa wouma, mafuta, sopo.

Loweruka m'mawa ndiye nthawi ya ntchito zolemera. Timayamba 6 koloko ndi kuchapa kwakukulu, nyemba zili pa mbaula. Zovala zikauma masana timasita za mlungu wonse kamodzi, n'kuzipachika. Pofika 1 koloko ntchito yaikulu imakhala itatha, kupatula kusitako. Madzulo a Loweruka ndimawasiya opanda kanthu dala, chifukwa ndi kumene kumagwera maukwati, zinkhoswe ndi kukazonda odwala.

Lamulungu tikabwera ku tchalitchi n'kudya, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko ndi nthawi yanga. Sindiphika, sindichapa, sindiluka mwana tsitsi. Nthawi zina ndimagona, nthawi zina ndimayala mkeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba n'kumangomvera wailesi. 5 koloko ikakwana ndimatenga mphindi 20 kuyang'ana mlungu ukubwerawo: kodi kuli msonkhano wa makolo kusukulu, kodi ufa ufika Lachisanu, kodi sikelo ya mwana ndi liti.

Maola atatu a Lamulungu, madzulo a Lachinayi ndi ola la usiku uliwonse ndizo nsanamira za ndondomeko yonseyi. Zina zonse zikhoza kusuntha.

Kuphika kumandidyera madzulo onse. Ndingachepetse bwanji osadyetsa banja zakudya zosalongosoka?

Chimene chimatenga nthawi si nsima, ndi ndiwo. Nsima ya banja la anthu asanu imapsa pa mphindi 20 kapena 30 madzi akatentha. Nyemba zouma zimatenga maola awiri kapena atatu pa mbaula, choncho si ndiwo zoyamba kuphika mutabwera kuntchito 6 koloko. Zinyikeni m'madzi Lachisanu usiku, muphike Loweruka m'mawa mukuchapa. Zonyikidwa zimapsa msanga ndipo makala mumapulumutsako.

Ngati muli ndi firiji, phikani mphika waukulu n'kugawa m'timakontena ta chakudya cha tsiku limodzi limodzi. Zodya m'masiku awiri kapena atatu zikhale m'munsi, zotsalazo muziumitse m'chipinda cha ayisi. Musathire tomato ndi anyezi mu zonse, chifukwa zokazingira zimasasa msanga. Muzikazingira tsiku lodya, ndi ntchito ya mphindi 10. Magetsi akazima musamatsekule firiji pafupipafupi, ndipo chilichonse chimene chasintha fungo kapena chayamba thovu chitayeni.

Ngati mulibe firiji, musasunge ndiwo zophika masiku ambiri, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Dalirani ndiwo zopsa msanga zimene zimasungika zili zouma kapena zosaphika: usipa, matemba, mazira, soya pisi, mfutso, nsinjiro zosinjiratu zosungidwa m'botolo. Nyemba zikhale ndiwo za Loweruka, ndipo zotsala muziwiritsenso mpaka zibwate musanadye.

Chinanso chimene chinandipepukitsa ndi kusiya kuganiza za ndiwo tsiku ndi tsiku. Pa chitseko cha kabati ndinamatapo pepala: Lolemba nyemba, Lachiwiri usipa, Lachitatu mazira, Lachinayi soya, Lachisanu nsomba kapena nyama ngati ndalama ilipo. Funso lakuti "lero tidya chiyani" limatopetsa mutu kuposa mmene timaganizira, ndipo pepalalo limathandizanso aliyense amene wafika pakhomo moyambirira kuti ayambepo osandiimbira foni.

Kwathu madzi amatuluka usiku ndipo magetsi sadziwika nthawi yake. Ndondomeko ingagwire ntchito?

Ingagwire, koma muyenera kusiyanitsa kutunga madzi ndi kugwiritsa ntchito madziwo. Amayi ambiri madzi akabwera 11 koloko usiku amadzuka n'kuyamba kuchapa pompo. Musatero. Pezani dilamu lokhala ndi chivundikiro ndi zigubu zingapo, kuti madzi akabwera ntchito ikhale yongodzaza basi, kuchapa kudikire tsiku lake. Kudzazako kukhale kosinthana: usiku wina inu, usiku wina bambo kapena wamkulu wina wa pakhomo. Dilamu likhale lovundikira nthawi zonse chifukwa cha ana aang'ono ndi udzudzu.

Za magetsi, yankho ndi lomwe lili pa funso la mlungu wathunthu: kusita kamodzi pamlungu, masana. Ndimasunganso simbi ya makala, kuti magetsi akapanda kuyaka Loweruka ndisadikire usiku. Ngati thumba likulola, yunifolomu ziwiri pa mwana aliyense zimachotsa kuchapa kwa tsiku ndi tsiku. Ndinagula yachiwiri ya mwana mmodzi temu ina, ya winayo temu yotsatira, ndipo palibe ndalama imene inandigulira tulo tambiri ngati imeneyo. M'dzinja, pamene zovala zimachedwa kuuma, mangani chingwe pakhonde ndipo kuchapa kwa Lachitatu musakudumphe.

Bambo a kunyumba sanazolowere ntchito za pakhomo. Ndiwauze bwanji?

Musayambitse nkhaniyi 9 koloko usiku muli pa sinki mtima utadzaza, chifukwa idzatuluka ngati mlandu. Sankhani nthawi yabata, muwaonetse kope lija. Manambala amalankhula mofatsa kuposa munthu wotopa. Ine ndinangoti, "Bambo a ana, taonani apa, mlungu wonse uno sindinagonepo maola 6. Ndikupempha mutengeko ziwiri mwa ntchito izi, musankhe nokha." Anasankha kusambitsa wamng'ono m'mawa ndi kuphika Lachinayi. Pambuyo pake anawonjezera kupita kuchigayo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndaphunzira. Choyamba, perekani ntchito yathunthu, osati chidutswa. Ngati chigayo ndi chawo, ndi iwo oyenera kuona kuti ufa watsala pang'ono, osati inu kuwakumbutsa katatu. Ntchito imene mukuikumbukirabe inu simunaitule. Chachiwiri, musaime kumbuyo kwawo n'kumakonza. Nsima yoyamba ya Lachinayi inali ndi mibulu, ndiwo zinali ndi mchere wambiri, ndipo tinadya. Mukalanda mthiko tsiku loyamba, mudzaugwira nokha mpaka kalekale.

Ndikudziwa kuti pali mabanja ena kumene bambo sangalole n'komwe, kapena achibale awo anganene kuti mwawadyetsa mankhwala. Kumeneko yambani ndi ntchito zimene sizionekera kwa anthu ngati za kukhitchini: homuweki ya ana, kugula makala, kudzaza dilamu, kutenga ana onse kupita nawo kokayenda Lamulungu masana. Chomalizachi chokha chimakupatsani maola atatu aja. Ngati muli nokha opanda bambo, funso lotsatirali ndi lanu kwambiri.

Nanga ana, achibale ndi wantchito?

Mwana wa zaka 7 akhoza kuyala bedi lake, kupukuta nsapato zake, kulongedza chikwama ndi kuchotsa mbale patebulo. Wa zaka 11 akhoza kutsuka mbale, kusesa, kuchapa masokosi ake ndi kuphika phala wamkulu ali pafupi. Anyamata ndi atsikana chimodzimodzi. Chonde musatule katundu wanu yense pa mwana wamkazi woyamba, chifukwa mukatero kutopa kwanu mwangokusamutsira kwa iye, ndipo sukulu yake ndi imene ivutike.

Ana a msinkhu wa kusukulu amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo a zaka zitatu mpaka zisanu maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana. Mwana wodzuka 5:30 ayenera kukhala ali pabedi pofika 8 koloko kapena 8:30. Izi n'zabwino kwa iye, komanso ndi zimene zimakupatsani ola lanu la usiku.

Ngati simungakwanitse wantchito wa mwezi wonse, ganizirani za munthu wa ganyu yochapa Loweruka lokha, chifukwa kuchapa pamanja ndiyo ntchito yothyola msana kuposa zonse. Njira ina yosalira ndalama ndi kusinthana ndi mnzanu woyandikana naye amene mumamukhulupirira: Lamulungu lino ana onse ali kwa inu, Lamulungu linalo ali kwa iye. Amene muli ndi mtsikana wantchito, kumbukirani kuti nayenso ayenera kukhala ndi tsiku lake lopuma. Mulilembe m'ndondomeko yomweyi, ndipo lisagwere pa nthawi imene inu mukudalira kupuma.

Loweruka lililonse kuli ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano wa komiti. Ndikane bwanji osaoneka wodzikonda?

Ili ndi funso limene limandikhudza kwambiri, chifukwa apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimafera. Kuyambira mvula ikatha mpaka cha mu Disembala, makhadi a ukwati amabwera motsatizana, ndipo ukwati umodzi uli ndi misonkhano ya komiti, chinkhoswe, phwando lolangiza mkwatibwi, kuphika usiku wonse, kenako tsiku lenilenilo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mayi amene wavomera makomiti atatu nthawi imodzi amafika Lolemba kuntchito atatopa kuposa mmene anawerukira Lachisanu.

Lamulo langa ndi ili: chochitika chimodzi pa mapeto a mlungu, ndi komiti imodzi pa nthawi. Zikagundana ziwiri, ndimapita kwa amene ali pafupi kwambiri ndi banja, kwinako ndimatumiza chopereka changa ndi uthenga nthawi ikadalipo. Mawu ake safunika kuchuluka: "Asisi, zikomo pondiganizira. Mu komiti sinditha kulowa ulendo uno, koma chopereka changa nditumiza Lachisanu, ndipo ku perekaniperekani ndidzafika." Anthu amakhumudwa ndi munthu wovomera n'kusowa, kuposa wonena zoona poyamba.

Maliro ndi nkhani ina. Sapangana tsiku, ndipo maliro a pachibale kapena a pamudzi pamene mukukhala simungawayike pa sikelo ndi tulo. Pitani. Koma ngakhale pamenepo pali kusiyana pakati pa kugona pasiwa usiku umodzi ndi kugona masiku atatu mukupitanso kuntchito m'mawa. Pa maliro amene si a pakhomo panu, kambiranani ndi amayi anzanu kuti muzisinthana: ena agone lero, ena mawa, ena abwere m'mamawa kudzaphika. Mlungu wa maliro ukatha, tsatirani zimene zili pa funso la ndondomeko ikasokonekera.

Zochitika za kumpingo zimadzaza Lamulungu lonse. Kodi ndisiye?

Ayi, ndipo kwa ambirife mapemphero ndi gawo la mpumulo. Chotopetsa ndi maudindo owunjikana: kwaya, Mvano kapena Chigwirizano, mphakati, Sande sukulu, komiti ya chitukuko, zonse pa munthu mmodzi. Sankhani udindo umodzi umene mungaugwire ndi mtima wonse pa nyengo ino ya moyo wanu, enawo muuze atsogoleri mwaulemu kuti mudzawatenga ana akakulako. Ngati mumapembedza Loweruka, sunthani ntchito zolemera zipite Lamulungu m'mawa ndipo maola atatu aja akhale Loweruka masana. Kwa amayi a Chisilamu amene Lamulungu lilibe mapemphero aakulu, tsiku limenelo likhoza kugawidwa pawiri, m'mawa ntchito, masana mpumulo.

Ndili ndi khanda loyamwa. Maola 7 ndiwapeza kuti?

Kwa miyezi yoyambirira simuwapeza motsatizana, ndipo musadziimbe mlandu. Cholinga chikhale kupeza chigawo chimodzi cha maola anayi osadukiza, n'kuwonjezera tizigawo tina. Yamwitsani cha m'ma 8 koloko n'kugona nthawi yomweyo. Mwana akalira asanamve njala, amunyamule bambo, agogo kapena azakhali. Ntchito ya Lachiwiri yokolopa ichepe, alendo odzaona mwana abwere nthawi imene mwatchula inu, ndipo wofunsa kuti "ndikuthandizeni chiyani" mupatseni matewera kapena mbale, osamuyankha kuti zonse zili bwino.

Mlungu womaliza wa tchuthi cha uchembere muugwiritse ntchito poyeserera. Dzukani nthawi ya kuntchito, musiyireni mwana amene adzamusamale kwa maola angapo, muone pamene pakuvuta musanabwerere.

Ndimagwira mashifiti, kapena ndimachita geni masiku 6 pamlungu. Ndondomekoyi ndi ya anthu a mu ofesi okha?

Maina a masiku ndi amene amasintha. Namwino wochokera ku shifiti ya usiku alembe tulo take ta masana ngati ntchito: afike, adye pang'ono, atseke makatani ochindikala, foni aike pachete, ndipo pakhomo adziwe kuti kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko amayi kulibe. Cholakwika chofala ndi kuyamba kuchapa pofika, poganiza kuti mugona mukamaliza. Dzuwa likakwera ndipo ana akabwera kusukulu, tulo timakhala titathawa.

Mayi wa geni amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato kapena kukazinga mandasi, ola lake lotseka khitchini ndi 7:30. Ayang'anenso m'kope lake la malonda tsiku limene amagulitsa zochepa kwambiri, ndipo theka la tsiku limenelo likhale lake lopuma, chifukwa ndi pamene kutseka benchi kumamutayitsa ndalama zochepa.

Kodi lamulo limanenapo chiyani za mpumulo wa munthu wolembedwa ntchito?

Ku Malawi, lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pamlungu, osawerengera ovataimu, ndipo wantchito asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapatsidwa mpumulo wa maola 24 osadukiza. Tchuthi cha pachaka ndi masiku a ntchito osachepera 15 kwa wogwira masiku asanu pamlungu, ndi 18 kwa wogwira masiku 6. Tchuthi cha uchembere ndi milungu yosachepera 8 ya malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

Masiku a tchuthi cha pachaka ambirife timawathera ku maliro, kumunda ndi kuchipatala ndi ana. Ine ndimapatula masiku atatu pachaka, limodzi pa temu iliyonse, ana ali kusukulu. Tsiku limenelo sindilengeza kwa aliyense kupatula bambo.

Ndimafika pabedi nthawi yake koma tulo sitibwera. Chikuvuta n'chiyani?

Yambani ndi tiyi. Masamba a tiyi, khofi ndi zakumwa zina zoziziritsa kukhosi zili ndi kafini, amene amatha maola ambiri ali m'thupi, moti kapu ya 5 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Yesani kumwa tiyi womaliza isanakwane 2 koloko masana kwa mlungu umodzi. Chachiwiri ndi foni. Magulu a WhatsApp a kuntchito, a kumpingo, a pachibale ndi a komiti ya ukwati amatentha usiku, ndipo uthenga umodzi wokhumudwitsa umakwanira kukuchotserani tulo. Yanga imagona pa tchaja kuchipinda chochezera kuyambira 8:30, itakwezedwa mawu kuti wondiimbira pa zadzidzidzi ndimumve.

Ngati chokusowetsani tulo ndi maganizo a za mawa, ikani pepala pambali pa bedi, mulembe chimene chikuzungulira m'mutu, kaya ndi fizi kaya ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Tulo ta Lamulungu masana tisapitirire ola limodzi ndipo tithe isanakwane 4 koloko, apo ayi usiku wake mudzangotembenuka pabedi.

Ndondomeko ikasokonekera ndichite chiyani, ndipo ndidziwa bwanji kuti ikugwira ntchito?

Idzasokonekera ndithu: mwana adzatentha thupi usiku, alendo ochokera kumudzi adzafika osanena, kuntchito kudzakhala malipoti a kutha kwa mwezi. Mlungu wotero ndimatsika pa zinthu zitatu zokha, chakudya, yunifolomu zoyera ndi nthawi yogona. Kukolopa, makatani ndi mabulangete zimadikira. Cholakwika chachikulu ndi kufuna kubweza ntchito zonse zotsalira pa Lamulungu masana, chifukwa mukatero mwalipira ngongole ya nyumba ndi mpumulo wanu. Zotsalirazo zigaweni pa Maloweruka awiri otsatira.

Pakatha milungu inayi bwererani ku kope lija. Werengani kuti ndi mausiku angati pamlungu amene munagona maola 7. Asanu mwa 7 ndi chizindikiro chabwino. Onaninso ngati mwasiya kusinza mu minibasi ndi mu tchalitchi, ngati mukudzuka alamu ikangolira kamodzi, ndiponso ngati mwachepetsa kukalipira ana pa zinthu zazing'ono madzulo. Ngati mausiku abwino sakufika atatu, yang'anani ntchito yomaliza imene yalembedwa m'kope masiku amenewo, ndipo imeneyo ndiyo yofunika kuisuntha kapena kuipereka kwa wina.

Koma ngati mwakhala mukugona mokwanira kwa mwezi wathunthu ndipo kutopa sikukuchoka, pitani kuchipatala. Kuchepa kwa magazi n'kofala kwa amayi, makamaka amene angobereka kumene kapena amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, ndipo kumabwera ndi chizungulire, kupuma mwawefuwefu pokwera chitunda ndi kuyera kwa m'zikope. Shuga amabweretsa kutopa pamodzi ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Ngati kutopako kukubwera ndi kulira kosadziwika chifukwa chake, kusafuna kuona anthu, kapena kusasangalala ndi zimene munkazikonda kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, muuzeni dokotala kapena namwino zimenezo momwe zilili, ndipo kope lanu la tulo mulitenge kuti akalione.